Mpikisano wosereulana popanda kudana

"Achinyamata a kumpingo kwathu ku Mbare tikuitana anzathu a ku Mufakose Loweruka likudzali, ndipo ena akufuna mpikisano wosereulana. Tingauyendetse bwanji kuti pasakhale wopita kwawo atakwiya?"

Achemwali, yambani ndi woweruza, zinazo zibwera pambuyo. Musasiye chigamulo m'manja mwa oonerera, chifukwa eni bwalo a ku Mbare adzachuluka ndipo phokoso lawo lidzapambanitsa mnzawo ngakhale nthabwala yake ili yozizira. Pezani munthu wamkulupo pang'ono, wosachokera mbali ziwirizo, amene amamva bwino Chichewa ndi Chishona, popeza ana athu a muno mu Harare amasakaniza, ndipo chipongwe chimatha kubisala m'chinenero chimene woweruza sakuchimva.

Olowa mpikisano akhale odzipereka okha, anthu 8 akwanira. Musanayambe, aliyense alembe pakapepala zinthu ziwiri zimene sakufuna kuti zikhudzidwe, apereke kwa woweruza, iye auze wopikisana naye kumbali. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mnyamata amene bambo ake angochotsedwa ntchito, kapena mtsikana amene sanakhoze O Level, sanganene zimenezi pagulu, koma pakapepala amalemba. Kupatula pamenepo, makolo, matenda, chilema, maonekedwe a thupi, umphawi wa pakhomo ndi nkhani za ziphaso zikhale zoletsedwa kwa onse. Maina aja amatinyoza nawo ife a magazi a ku Malawi asamveke m'pang'ono pomwe, ngakhale wowatchula ndi mnzathu. Zoseka zilipo zambiri: timu yomwe munthu amachemerera, kaya Dynamos kaya CAPS United, kuchedwa ku kwaya, kavinidwe, nsima ya mibulu yomwe anaphika ku msonkhano.

Azikumana awiriawiri, maulendo atatu, aliyense masekondi 30 osadulidwa mawu. Woyamba asankhidwe poponya ndalama, kenako azisinthana, chifukwa wolankhula pomaliza amakhala ndi mwayi woyankha. Woweruza apereke mapointi 3 pa luso la nthabwala, 2 pa kubweza zomwe mnzake wangonena kumene. Tiyerekeze wina wati, "Iwe umafika ku kwaya tikuimba Amen." Mnzake nkuti, "Ndimadikira dala kuti mawu ako athe kaye." Wachiwiriyu watenga mapointi a kubweza, chifukwa sanabwere nazo zoloweza kunyumba. Wokhudza choletsedwa achotsedwe mapointi 2 ndipo apepese pomwepo, akabwereza watuluka.

Woweruza aziyang'ana nkhope ya amene akusereulidwa, osati gulu. Akasiya kuseka, nkumayang'ana pansi kapena kuyamba kukweza mawu mwaukali, ulendo umenewo uthere pomwepo. Mafoni akhale m'matumba. Kanema wa masekondi khumi akafika pa WhatsApp, achibale amangoona mwana wawo akunyozedwa, sadziwa kuti anagwirizana, ndiye mlandu umagwera inu okonza.