Kachewere wa pamwamba pa thumba

"Achimwene, ndimalemba nkhani pa wailesi ina kuno ku Dedza. Ndalandira kafukufuku wa zisankho: anafunsa anthu 1,200, wina wapeza 42 pa 100, mnzake 39, pansi alemba ±3. Kodi ndilengeze kuti woyambayo akutsogola? Nanga ndinganene mmene a ku Dedza avotere?"

Achemwali, kalata yanu yanditokosa pabala, ndiye mundipirire.

Zaka zapitazo ndinkathandiza pulogalamu ina ya alimi. Tsiku lina tinauza omvera kuti atumize mauthenga pafoni ngati akukhutira ndi kagawidwe ka makuponi a feteleza. Anafika opitirira pang'ono 200, ndipo asanu ndi atatu pa khumi aliwonse anali odandaula. Ine ndi kukamwa kwangaku ndinalengeza kuti "anthu a ku Ntcheu akana". Loweruka lake ndinakwera kupita ku Tsangano. Azakhali ndinawapeza akusankha kachewere pakhonde, wamkulu uku, wowola uko, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. "Mwati anthu a ku Ntcheu? Ine anandifunsa ndani?" Foni analibe. Wailesi ankamvera ya oyandikana nawo, mabatire akakhalapo. Nditabwerera ndinaunikanso mauthenga aja, n'kupeza kuti nambala imodzi inatumiza ka 14.

Aliyense amene anagulapo thumba la kachewere pa Lizulu amadziwa kuti wapamwamba ndi wokopera maso. Wogula wochenjera amapisa dzanja mpaka pakati, kapena amati khuthulani. Amene amaimba foni pawailesi ndi kachewere wapamwamba uja: ali ndi mayunitsi, ali ndi netiweki, ndipo nkhaniyo yawapweteka mokwanira kuti awononge ndalama. Ngakhale ataimba 50,000, azakhali anga mulibemo. Ndinene mosapsatira, zovota pawailesi ndi pa Facebook si kafukufuku ayi, ndipo kumata ±3 pa zimenezo n'kunamiza anthu, chifukwa masamu amenewo amagwira ntchito pokhapokha ofunsidwa atasankhidwa mwamaere. Zimandinyansa ndikamva wolengeza wamkulumkulu akuziwerenga ndi mawu aulemu ngati zotsatira za mayeso a Fomu 4.

Taonani mmene a Afrobarometer, bungwe lofufuza maganizo a anthu m'maiko a mu Africa, amachitira. Amatenga timadera ta kalembera wa dziko n'kusankha mwamaere. Pakadera kalikonse amafunsa anthu asanu ndi atatu okha, maso ndi maso, a zaka 18 kapena kuposa, mosinthanitsa abambo ndi amayi, m'chilankhulo chimene munthuyo akufuna. Wofunsa saloledwa kungolowa nyumba yamalata ya m'mbali mwa M1 poti ili pafupi. N'chifukwa chake anthu 1,200 angathe kuimira dziko lonse pamene anga 200 aja sanaimire ngakhale mudzi umodzi.

Tibwere ku funso lanu

Kachizindikiro ka ±3 kakutanthauza kuti atabwereza kafukufukuyo ka 100, ulendo uliwonse ndi anthu ena osankhidwa mwamaere, pafupifupi ka 95 yankho silingaphonye zenizeni ndi mapointi oposa atatu. Mutha kuyerekeza nokha pafoni:

```
100 ÷ √1200 ≈ 2.9
```

Choncho wa 42 uja angakhale pena paliponse kuyambira 39 mpaka 45, mnzakeyo 36 mpaka 42. Ndipo mukamafanizira anthu awiri, kuphonyako kumakula, poti wina akakwezedwa mwangozi mnzake nthawi zambiri amatsitsidwa. Pa manambala anuwa kusiyana kumayenera kufika mapointi pafupifupi asanu kuti munene molimba mtima. Atatu sakukwana. Onaninso kuti 42 ndi 39 ndi 81. Otsalawo 19 ali kuti? Ena ndi a zipani zina, ena sanaganize, ena anaopa kuyankha mlendo wonyamula tabuleti, ndipo amenewo ±3 sawawerengera.

Za Dedza ndiye musayerekeze. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 830,000 m'bomali, pa anthu 17.5 miliyoni a dziko lonse. Pa 1,200 aja, gawo la Dedza ndi anthu osakwana 60. Ikani 60 m'malo mwa 1200 muja, mupeza mapointi pafupifupi 13 mbali iliyonse, mwinanso kuposa poti anthuwo achokera m'timadera towerengeka chabe.

Ndikanakhala inu ndikanawerenga motere: "Pa kafukufuku amene bungwe lakuti lachita m'dziko lonse kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, pofunsa maso ndi maso anthu 1,200 a zaka 18 kapena kuposa, awiriwa ali pafupi kwambiri, 42 ndi 39 pa 100, ndipo zotsatira zingaphonye ndi mapointi atatu." Muwaimbirenso foni amene anachita kafukufukuyo akuuzeni amene analipira ntchitoyo ndi mmene funsolo linalembedwera liwu ndi liwu. Akayamba kuzemba, nkhaniyo isiyeni patebulo.