Chamba pa Schedule I, fentanyl pa Schedule II, zikutheka bwanji?

"Ndamva kuti ku America chamba chinaikidwa gulu limodzi ndi heroin, pamene fentanyl ali gulu lotsikirapo. Ndiye kuti chamba nchoopsa kuposa fentanyl?"

Ayi achimwene, magulu amenewo si muyezo wa kuopsa ngakhale manambala ake amapusitsa. Lamulo la ku America la mu 1970 lokhudza mankhwala osokoneza bongo, Controlled Substances Act, lili ndi magulu 5 otchedwa Schedule, ndipo kuti chinthu chilowe gulu loyamba amayang'ana ngati anthu angamachigwiritse ntchito molakwika komanso ngati boma likuvomereza kuti chili ndi ntchito kuchipatala. Fentanyl madokotala amamugwiritsa ntchito popanga opaleshoni ndi pothetsa ululu wa khansa, basi nchifukwa chake ali gulu lachiwiri limodzi ndi cocaine, ngakhale ka mamiligalamu awiri kokha kakhoza kuimitsa munthu kupuma. Chamba m'chaka chimenecho anachiyesa chopanda ntchito kuchipatala, ndiye chinangogwera gulu loyamba, ndipo chinthu chikalowa mmenemo kuchifufuza kumavuta zedi, mapepala a chilolezo mbwee, umboni woti chituluke umachedwanso.

Nanga mowa ndi fodya? Lamulolo linazipatula dala, mulibemo olo gulu limodzi, koma kafukufuku wa David Nutt ndi anzake ku Britain mu 2010 anaika mowa pamwamba pa heroin pa kuopsa atawerengera ndi mavuto ogwera anthu ena monga ngozi zapamsewu ndi ndewu.