Akufuna soya wanga pangongole, lipoti lawo likuti chiyani?

"Achimwene, ine ndimagula soya kwa alimi ku Mitundu. Kampani ina ya ku Kanengo yopanga zakudya za nkhuku ikufuna soya wa K30 miliyoni, ati adzandilipira pakatha masiku 30. Nditakayika, anandipatsa lipoti lawo la zachuma la chaka chatha kuti ndidzionere ndekha kuti amapanga phindu. Ndalijambula, ndakutumizirani. Ndiyang'ane pati? Ndiwapatse?" Mayi wa ku Kawale.

Mayi, sanakunamizeni, phindu lilipo. Koma phindu ndi ndalama yokulipirani pa tsiku la 30 ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo tsamba limene anakulozerani si limene likuyankha nkhawa yanuyo. Pitani patsamba lolembedwa kuti Statement of financial position. Limeneli limaonetsa zimene kampani inali nazo ndi ngongole zimene inali nazo pa tsiku lotseka chaka. Musanawerenge nambala iliyonse, onani pamwamba: alemba K'000, kutanthauza kuti manambala onse awadula maziro atatu. Pamene pali 1,800,000 ndiye K1.8 biliyoni. Ine ndizitchula m'mamiliyoni kuti tisasokonezeke.

Pezani mizere iwiri. Wa Total current assets ndi zinthu zonse zimene zikuyembekezeka kusanduka ndalama chaka chisanathe, ndipo kwa iwowa ndi K1,800 miliyoni. Wa Total current liabilities ndi ngongole zoyenera kubwezedwa m'chaka chomwecho, K1,500 miliyoni. Mukagawa yoyambayo ndi yachiwiriyo mupeza 1.2. Ndiye kuti pa kwacha iliyonse imene akuyenera kubweza posachedwa, ali ndi K1.20. Anthu ambiri amalekera pamenepa n'kunena kuti zili bwino, poti yapitirira 1.

Ine sindilekera pamenepa, chifukwa K1,800 miliyoniyo si ndalama yogwirika. Tayang'anani zimene zili m'kati mwake. K1,100 miliyoni ndi katundu wa m'nyumba yosungira, matumba a chimanga, soya ndi zakudya zomwe sizinagulidwe. K620 miliyoni ili m'manja mwa makasitomala amene anatenga katundu koma sanalipire. Ndalama yeniyeni, ya ku banki ndi ya m'manja, ndi K80 miliyoni basi. Thumba la chimanga silingakulipireni mpaka ligayidwe, ligulidwe, wogulayo alipire. Choncho chotsani katunduyo muwerengenso:

```
(1,800 - 1,100) / 1,500 = 0.47
```

Pa kwacha iliyonse yangongole, ali ndi matambala 47 okha amene angapezeke msanga. Ndipo ngakhale matambala 47 amenewo akudalira kuti alimi a nkhuku amene anawakongoza abweze m'nthawi yake.

Apa ndiwachitire chilungamo pang'ono. Chaka chawo chimatseka pa 30 Juni, soya ndi chimanga zitangokololedwa kumene. Kampani yotere imagula zambiri nthawi imeneyo mitengo isanakwere, ndiye nyumba yosungira imakhala yodzaza, ku banki kulibe kanthu. Lipoti lomweli likanatsekedwa mu Febuluwale likanaoneka mwina. Nambala ya 0.47 payokha si umboni woti kampani ikugwa. Ingokuuzani kuti inunso mukubwera ndi soya wanu m'nyengo yomweyo imene ndalama imawasowa.

Nambala imene ine ndaiganizira kwambiri ndi ina, ndipo ndi imene ikukukhudzani inuyo. Mu K1,500 miliyoni muja, K900 miliyoni ili pamzere wa Trade payables, ndalama za anthu ngati inu amene anapereka katundu n'kumadikira malipiro. Tengani nambala imeneyi muigawe ndi ya Cost of sales, mtengo wopangira katundu amene anagulitsa, imene ili patsamba la phindu, K3,840 miliyoni, kenako muchulukitse ndi masiku a pachaka:

```
900 / 3,840 x 365 = 86
```

Kuwerengaku n'kongoyerekeza, pakuti mu K3,840 miliyonimo mulinso malipiro a antchito a pachigayo ndi magetsi, komanso nyengo yogula ija imaikweza nambalayi. Komabe ikuonetsa kuti anzanu amene anatsogola amadikira pafupifupi miyezi itatu. Inu akulonjezani masiku 30. Makasitomala awo amatenga masiku ngati 47 kuti alipire, mukagawa K620 miliyoni ija ndi malonda awo a K4,800 miliyoni n'kuchulukitsa ndi 365. Nanga wogaya soya wanu, n'kumugulitsa, n'kudikira masiku 47, adzakulipirani bwanji pa tsiku la 30? Pokhapokha atenge ku banki.

Ku bankiko ndiye kuli kale ngongole ziwiri: ovadilafuti ya K600 miliyoni, ndalama zimene anatapa kupitirira zimene zili mu akaunti yawo, ndi ngongole yanthawi yaitali ya K700 miliyoni, zonse pamodzi K1,300 miliyoni. Mpamba wa eni ake, pamzere wa Total equity, ndi K1,000 miliyoni. Kugawa kwake kukupereka 1.3, kapena kuti banki yaikamo ndalama zambiri kuposa eni ake. Ena amawerengera ngongole zonse, za banki ndi za opereka katundu omwe, ndipo apa zingatuluke 2.2. Njira zonse ziwiri n'zovomerezeka, bola musamayerekeze kampani iyi ndi njira ina, inzake ndi njira ina. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti banki kawirikawiri imagwira chikole, nyumba kapena makina. Inu mulibe chikole chilichonse. Zinthu zikavuta, banki imayamba kudya, inu n'kumadikira zotsala.

Werenganinso tsatanetsatane wa ngongole ya K700 miliyoniyo kumasamba akumapeto, muone ngati ili m'makwacha kapena m'madola. Tsamba limenelo simunalijambule. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene anali ndi ngongole ya madola anadzuka ngongole yake itakula, asanakongolenso ngakhale tambala.

Tsopano phindu lija. Anagulitsa katundu wa K4,800 miliyoni. Kuchotsapo mtengo wopangira katunduyo patsala K960 miliyoni, ndiye K20 pa K100 iliyonse. Kuchotsanso za muofesi, magalimoto ndi malipiro patsala K480 miliyoni, K10 pa K100. Mpaka apa bizinesiyi ndi yabwinobwino. Kenako chiwongoladzanja cha banki chikudya K320 miliyoni, msonkho wa 30 peresenti ukutenga K48 miliyoni pa K160 miliyoni yotsalayo, ndipo eni ake akutsala ndi K112 miliyoni. Imeneyo ndi K2.30 pa K100 iliyonse ya malonda. Pa magawo atatu a phindu la ntchito yawo, awiri akupita ku banki. Mtengo wa chimanga utangokwera pang'ono iwo n'kulephera kukweza mtengo wa thumba la zakudya, K20 ija itatsika kufika pa K16, phindu lonse latheratu.

Ndiye muwapatse? Ikanakhala ndalama yanga, K30 miliyoni yonse pakamodzi ayi. Ndikanayamba ndi soya wa K10 miliyoni, theka alipiriretu pa sikelo, theka linalo likhale pa pepala losainidwa lokhala ndi tsiku lenileni. Akasunga tsikulo, ulendo wachiwiri ndiwonjezere. Apempheninso masamba awiri amene akusowa pa zimene mwatumiza: kalata yosainidwa ya odita, wofufuza mabuku awo a zachuma, muone ngati mulibe mawu okayikira kuti kampaniyo ipitiriza kugwira ntchito, ndi tsamba la Statement of cash flows, limene limaonetsa ngati ntchito yawo inabweretsadi ndalama m'chakacho. Mukawapeza munditumizire, pamodzi ndi tsamba la ngongole lija.