Dipoziti ya alendi, penti ndi kalata yobwezera ndalama

"Ndili ndi nyumba ya zipinda ziwiri zogona ku Kalongwezi. Alendi anga atuluka atakhalamo zaka 3, ndipo anasiya dipoziti ya K3,500. Kukhitchini khoma lada ndi utsi wa mbaula, galasi limodzi la windo ndi losweka, makiyi a chitseko chakumaso abweza imodzi pa atatu, m'chipinda chogona penti yafundukuka m'munsi mwa khoma, ndipo bilu ya madzi sanamalize. Wopenta akufuna K4,200 nyumba yonse. Kodi m'kalata ndilembe bwanji kuti dipoziti yathera ku penti?" Akufunsa ndi mayi wina wa kuno ku Chipata.

Amayi, kalata yotero musalembe. Ndikudziwa kuti ndi imene eni nyumba ambiri amalemba, ena salemba n'komwe, amangonena pafoni kuti "zija zinalowa ku penti" basi nkhani yatha. Kuyambira ku Kapata mpaka ku Moth chizolowezi chimenechi chafala kwambiri moti alendi nawo anaphunzira kubwezera: mwezi womaliza salipira lendi, amati "mudye dipoziti." Mapeto ake mwini nyumba amatsala wopanda kanthu pa tsiku limene wapezadi chinthu chosweka. Vutoli tinalibala tokha eni nyumba, chifukwa ndalama imeneyi timaiona ngati yathu kuyambira tsiku loilandira, pamene ndi ya mwini wake, ife tangoisunga.

Chimene mungadule pa dipoziti ndi chimene munthuyo wawononga kapena ngongole imene wasiya. Kukalamba kwa nyumba si mlandu wake. Penti imazilala, pafupi ndi switchi pamada ndi manja, kumbuyo kwa sofa pamakhala mzere, kalabala ka mu mpopi kamatha n'kuyamba kudontheza. Zonsezi analipira kale m'lendi ya mwezi ndi mwezi kwa zaka 3. Lendi ndiyo mtengo wogwiritsa ntchito nyumba, ndipo nyumba yogwiritsidwa ntchito siingaoneke monga inalili tsiku lolowa.

Tiyambe ndi khoma la m'chipinda chogona, chifukwa apa ndi pamene anthu amakanganirana kwambiri popanda chifukwa. Pitani mukaliyang'ane bwino. Ngati penti yatupa n'kumayoyoka kuchokera pansi kukwera mpaka m'mawondo kapena m'chiuno, ndipo pali ufa woyera ngati mchere, komanso pulasitala ikufumbutuka mukaikanda ndi chala, chimenecho ndi chinyontho chochokera m'nthaka. Madzi amakwera m'njerwa, amatenga mchere, ndipo akamauma mcherewo umakankha penti. Zimachitika m'nyumba zimene pomanga sanayale pepala lotchinga madzi pamwamba pa maziko, kapena pamene madzi a padenga amagwera m'tsinde mwa khoma lopanda kakhonde ka simenti. Kuno timakhala m'munsi mwa mapiri, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo madzi otsetsereka amaima kuseri kwa nyumba zambiri. Tulukani panja muone mbali yomweyo ya khomalo, nthawi zambiri mupeza ndere zobiriwira. Alendi sangachititse zimenezi ngakhale atafuna. Ndipo mukangopentapo osakonza kumene madzi akuchokera, dzinja likubwerali pentiyo ifundukukanso, kenako mudzadula dipoziti ya munthu wina pa khoma lomwelo. Ndi mmene khoma limodzi limalipiridwira ndi mabanja atatu osakonzedwa.

Chimodzimodzi banga lofiirira pa siling'i ndi denga lodontha, ndipo felemu ya chitseko yodyedwa ndi chiswe ndi yanu. Ngakhale thailosi yosweka imafuna kuigogoda kaye ndi kiyi. Ikamalira ngati mulibe kanthu pansi pake, woyala sanadzaze simenti bwino ndipo ikanasweka ndi phazi la aliyense. Ikakhala ndi kachibowo pakati, ming'alu n'kumayambira pamenepo, chinagwerapo chinthu cholemera.

Khitchini ndi nkhani ina. Mwaye wa mbaula pakhoma si kukalamba, ndi kuwononga, ngakhale tikudziwa chimene chimalowetsa mbaula m'nyumba malaiti akathima madzulo mvula ili kugwa. (Kuyatsa makala m'nyumba yotseka kumapha anthu ali m'tulo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.) Komabe simungawalipiritse penti yonse ya khitchini ngati kuti inali yatsopano. Penti ya madzi ya m'kati mwa nyumba ya lendi ine ndimaiwerengera zaka 5. Si lamulo la boma, ndi muyezo woti munthu wanzeru aliyense angauvomere. Ngati munapenta pamene iwo ankalowa, zaka 3 zadyedwa kale mwachilungamo, ndipo chimene akulandani ndi zaka 2 zotsalazo. Choncho gawo lawo ndi magawo awiri pa asanu a mtengo wopentera khitchini yokha.

Muuze wopentayo akupatseni mtengo wa chipinda chilichonse pachokha, penti payokha ndi ntchito payokha. Mtengo wa chiunjikano wa K4,200 sungalowe m'kalata, chifukwa palibe angaone kuti khitchini ndi zingati. Mungamuyesenso nokha. Khitchini ya mamita 3 mbali zonse, khoma lotalika mamita 2.7, ili ndi makoma okwana masikweya mita 32, ndipo mukachotsa chitseko ndi windo mutsala ndi 29. Kupaka kawiri ndi 58. Lita imodzi imapaka pafupifupi masikweya mita 8 pa khoma lopentedwa kale, ndiye pakufunika malita 7 kapena 8. Akakuuzani kuti khitchini ikufuna chigubu chonse cha malita 20, dziwani kuti yotsalayo ikukapenta kwina.

Pali ntchito imodzi imene alendi ayenera kulipira yonse. Mwaye uli ndi mafuta, ndipo mukapaka penti ya madzi pamwamba pake, pakapita masabata ochepa banga lachikasu limatulukira. Khomalo liyenera kutsukidwa ndi sopo wamphamvu, liume, kenako lipakidwe penti yoyamba ya mafuta yotseka banga, ndiye papite penti yeniyeni. Ntchito yowonjezerayi sikanakhalapo pakanapanda mbaula, choncho siigawidwa ndi zaka.

Tsono tiike manambala. Mitengo iyi ndi yongosonyezera njira, inu muikemo ya pa malisiti anu. Tinene kuti kupenta khitchini ndi K900, magawo awiri pa asanu ndi K360. Kutsuka mwaye ndi penti yotseka banga K200. Galasi ndi kuliika K180, ndipo limeneli alipire lonse chifukwa galasi silikalamba, limangosweka. Koma liyang'aneni kaye: ngati felemu yachitsulo yachita dzimbiri n'kutupa mpaka kufinya galasi, mng'alu umayambira m'mphepete, ndipo pamenepo wolipira ndinu.

Za makiyi ndili ndi maganizo olimba pang'ono. Ena amati ingodulitsani makiyi awiri kumsika, ndi zotchipa. Pa chitseko cha m'kati ndingavomere. Pa chitseko chakumaso ayi, chifukwa makiyi awiri ali m'manja mwa anthu amene simukuwadziwa, ndipo amene adzalowe m'nyumbamo adzagona ndi katundu wake kuseri kwa loko imeneyo. Sinthani. Ngati loko yake ndi ija ya kamtima kochotseka, gulani kamtimako kokha, kamamasuka ndi sikuluwu imodzi ya m'mphepete mwa chitseko. Ngati ndi yakale ya kiyi wamtali, musintha yonse. Tinene K250. Chimene simuyenera kuchita ndi kugula loko yapamwamba kuposa imene inalipo n'kuwalipiritsa, chifukwa dipoziti imabwezeretsa chinthu mmene chinalili, siikweza nyumba.

Bilu ya madzi imafuna nambala ya pa mita ya tsiku lotuluka. Bilu ya Eastern Water imabwera pambuyo pa kuwerenga mita, ndiye ngati simunajambule mita tsiku limenelo, madzi amene wopenta wanu akutsukira mabulashi alowa pa dzina la alendi. Tengani ngongole yofika tsiku lotuluka basi, tinene K310, ndipo muonetsetse kuti mulibe ngongole yakale ya asanalowe. Malaiti a ZESCO ogula mayunitsi sasiya bilu yotere.

Zonse pamodzi ndi K1,300. Muwabwezera K2,200.

Mwina mukuti ndalamayo yachepa poyerekeza ndi K4,200 ya wopenta. Inde yachepa, ndipo yotsalayo ichokere m'lendi ya miyezi 36 imene munalandira. Mwini nyumba amene sapatula kangachepe mwezi uliwonse ka penti ndi mipopi ndi amene amayang'ana dipoziti ndi diso la njala. Kunena zoona, ambiri vuto si penti. Dipozitiyo inadyedwa kalekale, inagula feteleza kapena inapita ku fizi, ndipo mndandanda wa zowonongeka umalembedwa chobwerera, kuyambira pa K3,500 n'kumafunafuna zoti zikwanire nambalayo. Kalata yotero imadziwika msanga, zodula zake zimathera ndendende pa dipoziti, osatsala ngakhale ngwee.

Kalata yake

Ikhale ya tsamba limodzi, yokhala ndi deti, adiresi ya nyumba ndi siginecha yanu. Mawu ake angayende motere:

"Okondedwa Bambo ndi Mayi, ndikukulemberani za dipoziti ya K3,500 imene munapereka polowa m'nyumba yanga ya ku Kalongwezi. Titayendera nyumba pa tsiku lotuluka, ndadula izi. Kupenta khitchini chifukwa cha mwaye, magawo awiri pa asanu a K900, ndi K360. Kutsuka mwaye ndi penti yotseka banga, K200. Galasi limodzi la windo ndi kuliika, K180. Loko ya chitseko chakumaso, popeza makiyi awiri sanabwezedwe, K250. Ngongole ya madzi kufika tsiku lotuluka, K310. Zonse K1,300. Sindinadule kanthu pa khoma la m'chipinda chogona kapena penti ya zipinda zina. Yotsala K2,200 ndatumiza lero pa nambala yanu ya foni. Malisiti ndi zithunzi ndaphatikiza. Ngati pali chimene simukugwirizana nacho, ndidziwitseni pasanathe masiku 14 kuti tikaone limodzi."

Mzere wonena zimene simunadule musauchotse, ndi umene umaziziritsa mtima wa wowerengayo. Musalembemo za phokoso la ana awo kapena lendi imene inkachedwa chaka chatha. Musanatumize, werenganinso pangano lanu la lendi, chifukwa ngati linatchula masiku obwezera dipoziti kapena za kupenta potuluka, kalata iyenera kutsata zimenezo. Jambulani chowonongeka chilichonse mmisiri asanachikhudze. Ndalama tumizani pa Airtel Money kapena MTN kuti pakhale uthenga wa umboni, ndipo ya kutapa ionjezereni kuti alandire K2,200 yathunthu. Musadikire kuti asaine kaye kuti akuvomereza zonse, gawo limene palibe mkangano ndi lawo kale. Kalatayo sungani kope limodzi pamodzi ndi malisiti enieni, iwo muwapatse ojambula, chifukwa nkhani ikafika kukhoti adzafuna kuona mapepala amenewo.