Chimanga chaonongeka m'matumba a Pikisi

"Alangizi, ndinakolola chimanga kumapeto kwa Epulo poopa akuba, ndinatonola sabata yomweyo n'kuthira m'matumba anayi a Pikisi. Limodzi timatapamo chopita nacho kuchigayo Loweruka lililonse. Pano mu Ogasiti, lotapamolo ladzaza anankafumbwe, enawo chimanga chagwirana ndipo chikununkha ngati mowa. Kodi matumbawa si achinyengo?" Mlimi wa ku Mitundu, Lilongwe

Bambo, musawanamizire matumba. Chimanga cha mu Epulo, ngakhale makoko atauma n'kumalira tswatswa, njere zake zimakhala zikadali ndi madzi. Inu munachichotsa m'munda, osachiyanika, n'kuchitsekera m'pulasitiki. Nanga madziwo akanatulukira kuti? Sindinachione chimanga chanucho, koma fungo la mowalo landiuza zonse: chinalowa chachiwisi ndipo chasasa. Za akubazo ndikuzimvetsa, chaka ndi chaka alimi a m'dera langa amakolola msanga pa chifukwa chomwecho. Kukolola msanga si mlandu, bola mukafika nacho pakhomo muchiyanike pa lona kapena pamphasa, osati padothi, mpaka chiumitsitse.

Thumba limeneli, lomwe pamwamba pake amalembapo PICS, lilibe mankhwala. Lili ndi mapulasitiki awiri okhuthala m'kati ndi saka kunja. Mukamanga bwino, anankafumbwe omwe analowa ndi chimanga amatha okha mpweya wa m'katimo, amasiya kudya ndi kuswana, kenako amafa. Koma momwe limatsekera mpweya ndi momwenso limatsekera chinyezi. N'chifukwa chake chimanga chiyenera kulowamo chinyezi chake chitatsika kufika pa 13 peresenti.

Poyeza simukusowa makina, mchere wa kukhitchini ndi wokwanira. Kuluma njere kuti mumve ngati ikuthetheka kumathandiza, koma mano anamiza anthu ambiri, ine ndimadalira mchere. Uyambeni mwauyanika padzuwa kapena kuukazinga pang'ono, uzizire, chifukwa mchere wonyowa kale ukupusitsani. Pezani botolo lagalasi loyera, louma bwino m'kati, lokhala ndi chotsekera. Thiranimo chimanga chosafika theka la botolo, ndipo muchitape pakati pa mulu, osati pamwamba pomwe dzuwa lawomba. Onjezani masipuni awiri kapena atatu a mchere uja, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi. Lisiyeni pamthunzi mphindi 15, mukhutchumulenso, kenako mulikweze poyera muyang'ane. Mchere ukamatirira m'mbali mwa galasi ngati nkhungu, chimanga sichinaume, chibwerere padzuwa. Ukagwa wonse pansi galasi n'kukhala mbee, chayandikira. Ndikuti chayandikira chifukwa mchere umasiya kumata chinyezi chikafika cha m'ma 15 peresenti, ndiye muchiyanikenso tsiku limodzi kapena awiri, chizizire pamthunzi, kenako muthire m'thumba. Chotentha musachitsekere, chimachita thukuta m'pulasitiki.

Thumba lomwe mumatapamolo vuto lake ndi lina. Loweruka lililonse mumawapatsa anankafumbwe mpweya watsopano asanafe, ndipo ndikukayika ngati ana omwe mumawatuma amamanganso momwe munamangira poyamba. Pulasitiki iliyonse imamangidwa payokha: finyani mpweya utuluke, potani kukamwa kwake, pindani, mangani ndi chingwe kapena mphira, kenako yachiwiri chimodzimodzi, saka pomaliza. Chaka chatha ndinaona matumba omwe mapulasitiki awiri ndi saka anazimangira pamodzi ngati mtolo wa nkhuni, eni ake akudandaula ngati inu. Chimanga chodya miyezi iwiri yoyambirira chisungeni m'saka wamba. Cha Pikisi chikhale chosatsegula mpaka nthawi yake, ndipo mukatsegula tapani cha mwezi wonse kamodzi.

Tsopano chomwe muli nachochi. Cha anankafumbwe chikhuthuleni padzuwa, mupete, chipite kuchigayo msanga. Cha m'matumba atatuwo chiyanikeni n'kusankha mosamala. Njere zonse zogwirana, zakuda, zobiriwira kapena zachikasu ndi chuku muzikwirire m'dzenje. Musazigaye, musafulire mowa, musapatse nkhuku kapena nkhumba. Chuku china chimasiya poizoni wotchedwa afulatokisini, yemwe amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo satha ndi kuphika. Ngati chimanga cha thumba lonse chagwirana, mtima uwawe koma chitayeni, makamaka ngati pakhomopo pali ana aang'ono omwa phala.

Matumbawo musataye. Thumba losabooka limagwira ntchito zaka ngati zitatu. Tsukani mapulasitikiwo, aume mbali zonse. Musanathiremo china, kolani mpweya m'pulasitiki iliyonse, gwirani kukamwa n'kuikanikiza. Ikamaphwa ndiye kuti yabooka, ndipo kabowo kakang'ono mutha kumata ndi tepi yolimba. Mukadzaza, sanjikani pa matabwa, motalikirana ndi khoma, pomwe makoswe sangafikepo.