Chifukwa chake Satoshi anasanduka Ash

"Bwanji mayina ndi nthabwala za m'anime zimasintha akamasulira?"

Achimwene, vuto ndi malo komanso omvera. Mawu olowetsedwa ayenera kukwana pakamwa pa wojambulidwayo, olembedwa pansi awerengeke msanga. Nthabwala yodalira mawu ofanana kamvekedwe m'Chijapanizi imafa ikamasuliridwa, ndiye amapeka ina.

Mu anime ya Pokémon, mnyamata wotchedwa Satoshi anakhala Ash m'Chingelezi, ndipo mpunga woumba anautcha madonasi, kuti ana a ku America asasokonezeke.

Chimandiwawa ndi ulemu. Nditaonera anime ina ya mawu olembedwa pansi, ndinamva mtsikana akusiya kuitana mnyamata ndi -san, mawu aulemu ophatikiza ku dzina, n'kutchula dzina lokha. Zili ngati kuchoka pa "inu" kufika pa "iwe". Yachingelezi inalibe kusinthako, chikondicho sichinamveke.

Ngati mukuphunzira Chijapanizi, funsani mphunzitsi musanayambe kugwiritsa ntchito mawu ena ophatikiza ku dzina monga -chan kapena -kun.