Mameseji sakufika, anga sakupita

"Abale ndithandizeni. Lero ndi tsiku lachinayi mameseji sakundifika, ngakhale a ndalama. Ndikatumiza anga ikulemba Not sent. Netiweki ilipo, mayunitsi alimo, kuimba ikuimba bwinobwino. Wina akuti ndikafulashitse. Nditani?"

Achimwene musafulashitse, chonde, ndipo foniyo musaisiye pa benchi ya munthu aliyense mpaka mutawerenga izi. Ine nkhani imeneyi inatsala pang'ono kumenyetsa bambo wosalakwa pamaso panga, mpaka lero ndikakumbukira mtima umagunda.

Ndimagulitsa zitenje ku Limbe. Linali Loweruka masana, anabwera bambo wina wachikulire ndi mkazi wake, akuti mwana wawo ali ndi chinkhoswe. Mayiwo anasankha kwa nthawi yaitali, kutambasula ichi, kupinda icho, mpaka anagwirizana zitenje 6 za mtundu umodzi, chilichonse K9,000. Bambowo anati ndalama zili pa foni, ine nkuwapatsa nambala. Anadinadina, foni yawo nkulira, nkundionetsa meseji yoti K54,000 yapita, dzina langa likuoneka. Yanga zii. Tinadikira mphindi 5, tinadikira 10, ndinazimitsa nkuyatsanso, palibe. Tsono mwezi umodzi m'mbuyomo mnyamata wina anandibera ndi meseji yabodza yongolemba yekha, ndiye mutu wanga unathamangira komweko. Mayiwo anali atayika kale zitenje mu jumbo. Ndinalanda jumbo ija m'manja mwawo, ndipo ndinakweza mawu kuti akuba inu ndakudziwani. Mukudziwa mmene mumsika mumakhalira mawu amenewo akangotuluka. Anyamata onyamula katundu anasiya zonse nkutizungulira, wina anagwira bambo aja kolala ya shati, batani nkuthothoka. Bambowo sanakalipe ayi. Amangonena pansipansi kuti mwanawe, ine ndili ndi zidzukulu, sindingabe nsalu. Mkazi wawo misozi ili chuchuchu, atagwira chikwama pachifuwa. Amene anapulumutsa zinthu ndi mayi wina ajenti wa pafupi, anabwera akukankha anthu nkundifunsa kuti iwe, balansi waona? Ndinali ndisanaone. Ndinaimba kodi ya ndalama ija manja akunjenjemera, ndipo K54,000 inali momwemo. Ndinagwada pa simenti pompo kupepesa. Anatenga zitenje zawo osanena kanthu, ndipo sanabwerenso.

Lolemba ndinapita nayo kwa wokonza mafoni wina pafupi ndi depoti. Munthu ameneyo ndikamuona mpaka pano ndimatembenukira kwina. Sanandifunse nkomwe ngati vuto ndi kulandira kapena kutumiza. Anangolemba kodi yake, kulowa m'malo amene ine sindinkawadziwa, kudina, nkunena kuti mayi ndakonza senta nambala, K5,000. Ndinalipira. Pofika madzulo ndikufuna kutumizira mayi anga kumudzi, amene ali ndi foni ya mabatani ndipo WhatsApp sadziwa, meseji kukana. Ndisanapite kwa iye ndinali ndikutumiza bwinobwino, vuto langa linali kulandira kokha. Ndiye ndinapita ndi vuto limodzi nkubwerako ndi awiri. Nditabwerera ankvekere foni yanu yakalamba, tifulashe, onjezerani K15,000. Mu foni imeneyo munali zithunzi za maliro a bambo anga ndi ngongole za makasitomala zomwe ndinalemba m'mameseji. Akanapukuta zonse chifukwa cha vuto lomwe analiyambitsa yekha. Anthu otere amadyera pa umbuli wathu, ndipo sachita manyazi.

Amene anandimasulira ndi mwana wa aneba, mtsikana amene amakonzanso mafoni mtauni, ndipo chimene anandiphunzitsa ndi chimene ndikufuna mugwire. Kutumiza ndi kulandira ndi matenda awiri osiyana, musawaphatikize. Meseji mukatumiza sipita molunjika kwa mnzanuyo. Imayamba yafika ku senta ya kampani ya netiweki yanu, sentayo ndiyo imaipereka kwa mwini wake. Kuti foni idziwe kotumiza, mu simu khadi mumasungidwa nambala ya senta imeneyo, pa sikirini imalembedwa Message centre kapena SMSC. Nambala imeneyi ikalakwika kapena ikafufutika, anu sapita, koma a anthu ena amakupezanibe, chifukwa amenewo amadzera ku senta ya wotumizayo. Choncho munthu akakuuzani kuti simukulandira chifukwa cha senta nambala, dziwani kuti akungolota. Inuyo muli ndi mavuto onse awiri, ndiye muwasake padera.

Yambani ndi kulandira. Yanga inali foni ya 16 GB, ndipo kwa milungu ingapo pamwamba pamabwera chenjezo loti malo atha, ine nkumangolikankhira kumbali. Mtsikanayo atatsegula Settings kenako Storage, malo otsala sanakwane ndi chithunzi chimodzi chomwe. Foni ikafika pamenepo imasowa polemba meseji yatsopano, ndiye imauza netiweki kuti ndadzaza, netiweki nkusunga mamesejiwo kudikira kuti mupeze malo. Zodzaza zake zinali mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, a kwaya, a maukwati a anthu osawadziwa. Tinalowa mu WhatsApp, Settings, Storage and data, Manage storage, pamene amaonetsa zinthu zoposa 5 MB ndi zotumizidwa kambirimbiri, nkufufuta pafupifupi 2 GB. Titazimitsa nkuyatsa, foni inayamba kulira ngati yapenga, mameseji a masiku awiri atatu kulowa motsatizana. Akale kuposa pamenepo sanabwere, chifukwa senta simasunga mpaka kalekale, nthawi yake ikatha imataya. Ndiye musachedwe, tsiku lililonse lomwe mukudikira ena akutayika. Ngati yanu ndi ya mabatani, onani ka emvulopu pamwamba, kakamaphethira ndiye kuti bokosi ladzaza. Onaninso ngati ikusungira mameseji mu simu khadi, chifukwa simu imangonyamula ochepa, 20 kapena 30 basi. Fufutani akale, Inbox ndi Sent komwe, kenako musinthe kuti izisungira mu foni.

Koma a ndalama aja sanaoneke ndithu, ngakhale ena onse atalowa. Apa mpamene mtsikanayo anatsegula Messages, kudina pa chithunzi cha pakona, nkulowa Spam & blocked. Achimwene, K54,000 ya bambo aja inali mmenemo, pamodzi ndi ena ambirimbiri a milungu ya m'mbuyo. Ndinakumbukira kuti tsiku lina nditatopa ndi mameseji otsatsa malonda ndinabuloka mayina angapo mothamanga, ndipo limodzi mwa iwo linali lomwe limabweretsa za ndalama. Meseji yobulokedwa foni siilira, siionetsa kanthu, imangoiponya m'bokosi limenelo. Tsegulani meseji ya wotumizayo, dinani Unblock kapena Not spam. Pa Samsung zili mu Messages, Settings, Block numbers and spam, Blocked messages, ngakhale mawu amasiyanako malinga ndi foni. Ngati munaikapo pulogalamu ina yoonetsa dzina la woimba kapena yosefa mameseji, yang'ananinso mmenemo, chifukwa ikadziika kukhala yolandira mameseji imawasunga kwa iyo yokha. Zimenezo zimaoneka mu Settings, Apps, Default apps, SMS app.

Tsopano za Not sent. Choyamba onani ngati foni ya simu ziwiri sikutumizira pa simu yopanda mayunitsi, izi zimapusitsa anthu ambiri, komanso bandulo ya intaneti si mayunitsi a meseji. Kenako dzitumizireni meseji pa nambala yanu yomwe. Ikakana pomwe mayunitsi alimo, chotsani simu muike mu foni ya munthu wina nkuyesanso. Ikapita kumeneko, vuto lili mu foni yanu. Ikakananso, vuto layenda ndi simu, ndipo apa mpamene senta nambala ikukayikitsa. Yanga inakana m'mafoni onse awiri.

Kodi yomwe wokonza uja analemba ndi iyi, imalembedwa poimbira foni:

```
*#*#4636#*#*
```

Pa mafoni ambiri a Android imatsegula sikirini ya Testing, pamenepo dinani Phone information, ndipo mukatsika pansi mupeza SMSC ndi mabatani awiri, Update ndi Refresh. Bokosi lake limaoneka lopanda kanthu mukangolowa, zimenezo sizitanthauza kuti nambala mulibe. Refresh ndiye amaiwerenga nkuionetsa. Update amalemba zimene zili m'bokosimo pamwamba pa nambala yakale, ndipo ndi amene munthu uja anadina ataikamo nambala ya netiweki ina. Titadina Refresh pa foni yanga, nkudinanso pa foni ya aneba amene tili pa netiweki imodzi, manambala anali osiyana. Umenewo ndiwo unali umboni wonse. Kuno kwathu iyenera kuyamba ndi +265, ndipo mukaona ,145 kumapeto musadabwe, amangotanthauza kuti nambalayo yalembedwa ndi kodi ya dziko. Pa Samsung kodi imeneyi kawirikawiri sigwira, pitani mu Messages, Settings, More settings, Text messages, Message centre.

Pokonza, mtsikanayo sanagwiritse ntchito Update nkomwe, akuti mafoni ena amakana nkulemba update error. Anatenga simu yanga nkuiika mu foni ya mabatani ya agogo ake, kulowa mu Messages, Settings, mpaka pa nambala ya senta, nkulemba yolondola ija kuyambira pa +, nkusunga. Popeza nambalayo imakhala mu simu, titaibwezera mu foni yanga meseji ya mayi inapita nthawi yomweyo. Mtsikanayo sanalandire ngakhale tambala, ndinachita kumukakamiza chitenje.

Nambalayo musatenge kwa munthu wongoilemba muno mu gulu, wina akupatsani ya netiweki ina kapena ya dziko lina. Koperani pa foni ya munthu wa netiweki yanu amene mameseji ake akupita, kapena imbirani a kampani yanu akuuzeni, digiti iliyonse muwerenge kawiri. Ndipo kunena zoona, ngati simunazolowere, kodi ija musaigwire nkomwe, mmenemo mulinso zina zoti mukadina molakwika netiweki yonse imachoka. Pezani wodziwa akuthandizeni, koma muime pambali pake mukuona chala chake, ndipo asanasinthe kanthu mujambule nambala yomwe ilipo. Simu ikakanabe pamene nambala ili yolondola, pitani ku shopu ya kampani yanu ndi chitupa cha unzika akaione, mwina ndi yofunika kusintha. Pakadali pano, wina akakuuzani kuti watumiza ndalama, musadikire meseji ndipo musakhulupirirenso imene akukuonetsani, imbani kodi muone balansi musanatsegule pakamwa. Mutiuze mtundu wa foni yanu ndi zimene mwapeza mu Spam & blocked.